Ndiwafotokozere bwanji makolo za K2,400,000 kuti amve?

Nachisale: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndithandizeni nzeru. Lachisanu likubwerali tili ndi msonkhano wa makolo pasukulu yathu ya pulayimale kuno ku Mchinji, ndipo ine monga msungichuma wa komiti ndiye ndikayime kutsogolo kufotokoza za ndalama. Chaka chatha ndinawerenga pepala lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nditangotchula kuti "mamiliyoni awiri", kumbuyo kunayamba manong'onong'o, ndipo zonse zimene ndinanena pambuyo pake palibe anazimva. Potuluka, mayi wina amene timapemphera limodzi anandifunsa kuti, "Ndalama zonsezo, ana n'kumakhalabe pansi?" Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndalama ya sukulu sindinadyepo ngakhale tambala, koma ndinaona kuti anthu apita kwawo akundikayikira.

Chaka chino zili chonchi. Ana tili nawo 800. Kuboma tikuyembekezera K1,600,000, ndalama zotukulira sukulu zija timati za SIG. Makolo anagwirizana okha kuti azisonkha K1,000 pa mwana aliyense pachaka, ndiye onse atapereka zikhala K800,000. Zonse pamodzi K2,400,000. Zogwiritsa ntchito: mlonda K480,000, kusindikiza mayeso K320,000, choko ndi mapepala ndi marejisitala K400,000, madesiki 10 K600,000, kukonza chimbudzi cha atsikana K360,000, maulendo ndi misonkhano K240,000. Ndinene bwanji kuti agogo amene sanagwirepo K100,000 m'manja mwawo amve?

Bambo a Yamikani (Ndirande): Zosavuta izi mayi. Sinthani zonse zikhale matumba a chimanga. Munthu wakumudzi miliyoni saidziwa koma thumba amalidziwa kulemera kwake. Chimanga chili pa zingati kwanuko?

Nachisale: Pamsika wathu sabata ino mavenda akugulitsa K50,000 thumba la makilogalamu 50.

Bambo a Yamikani (Ndirande): Basi, ndi matumba 48. Mukangonena kuti "sukulu yathu chaka chino ili ndi matumba 48", nkhani yatha, aliyense wamva.

Aphunzitsi Opuma: Bambo a Yamikani, njira mwailoza bwino, koma musawasiye mayiwa pa matumba 48. Ndakhala mphunzitsi wamkulu zaka zambiri ndipo msampha umenewu ndinagweramo. Mlimi akamva matumba 48 amaona nkhokwe yake. Iye mwina wakolola matumba 10 kapena 15, ndiye m'mutu mwake sukulu ndi mwinichuma amene wakolola kuposa mabanja atatu. Manong'onong'o aja adzakula kuposa chaka chatha, chifukwa tsopano adzakhala atamvetsa kukula kwa ndalamayo koma asanamve kuchuluka kwa pakamwa podyera.

Gawani kaye. K2,400,000 kwa ana 800 ndi K3,000 pa mwana pachaka, kutanthauza K1,000 pa teremu. Pa mtengo wa kwanuwo chimanga chikugwera K1,000 pa kilogalamu, ndiye mwana aliyense gawo lake ndi makilogalamu atatu chaka chonse. Matumba 48 ndi makilogalamu atatu ndi ndalama imodzimodzi. Kholo lililonse limadziwa kudyetsa banja, limadziwa kuti thumba limodzi ndi lambiri kwa anthu awiri koma pamaliro silifika madzulo. Choncho musatchule kuchuluka kwa ndalama musanatchule kuchuluka kwa ana. Ine ndinkayamba ndi kufunsa makolowo kuti, "Kodi pasukulu pano pali ana angati?" Ankayankha mosiyanasiyana, ambiri ankachepetsa. Ndikawauza nambala yeniyeni, ndalama ija inkafika pamalo okonzedwa kale.

Achimwene a ku Joni: Moni nonse. Ndangolowa kumene. Ngati mukusonkhetsa za sukulu tumizani nambala, ine ndiponyako pang'ono mwezi ukatha. Komanso bwanji osaziwerengera m'marandi? Kuno tikamva K2,400,000 timayamba tasintha kaye kuti tione ngati ndi zambiri.

Nachisale: Zikomo achimwene, Mulungu akudalitseni, koma sindikupempha thandizo pano. Ndikufuna mawu oti ndikalankhule. Za marandi, makolo athu ambiri sanawagwirepo.

Make Tadala: Achimwene anena zoona mbali imodzi osadziwa. Iwo amasintha kukhala marandi chifukwa ndi amene amagulira buledi tsiku ndi tsiku. Aliyense amayeza ndi chimene amagwira. Ife a banki m'khonde timayeza ndi masheya. Pagulu lathu sheya imodzi ndi K1,000, ndiye mukandiuza kuti mwana mmodzi ndi masheya atatu pachaka ndamva kale, sindifunsanso.

Madamu a Masamu: Ine ndimaphunzitsa Sitandade 7 ndipo ndili ndi ganizo. Popeza ndalama ya mwana mmodzi pa teremu ikukwana K1,000 ndendende, tengani K1,000 yeniyeni muionetse m'mwamba. Kenako muiphwanye patebulo anthu akuona. Ndawerengera: K200 ya mlonda, K300 ya mayeso ndi choko pamodzi, K250 ya madesiki, K150 ya chimbudzi, K100 ya maulendo. Ikukwana K1,000. Palibe mapelesenti, palibe mamiliyoni. Munthu amene amagula tomato pamsika chenje amachidziwa bwino kuposa ana anga a m'kalasi.

Nachisale: Eee madamu, izi ndazikonda. Ndalama zophwanyaphwanya ndikapempha kwa wa golosale.

Aphunzitsi Opuma: Madamu, masamu anu ndi olondola ndipo njira ya ndalama zenizeni patebulo ndi yabwino kuposa zonse zimene zanenedwa. Koma pali chinthu chimodzi chimene chingawapweteke a Nachisale. Mwasakaniza ndalama za boma ndi za makolo mumphika umodzi. A Nachisale, mlonda mumamulipira kuchokera kuti?

Nachisale: Za makolo. Mlonda ndi mayeso zonse ndi za makolo. Za boma zimapita ku zinayi zotsalazo, monga tinalembera m'pulani imene tinapereka kwa a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni yathu.

Aphunzitsi Opuma: Ndimaganiza choncho. Ndiye taonani. Mukaimika K1,000 m'mwamba, kholo lidzaganiza kuti ndi K1,000 yake ija imene limasonkha. Mukati K100 ya maulendo, lidzapita kunyumba likunena kuti a komiti amakwerera minibasi ndalama yanga, pamene ndalama yake siipita kumeneko n'komwe. Mukati K200 ya mlonda, mwanamanso mosadziwa, chifukwa pa K1,000 ya kholo, mlonda amatenga K600.

Tengani mbale ziwiri zosiyana mtundu. Mbale yoyamba ndi ya makolo. Muikemo K1,000 ndipo munene kuti iyi ndi imene mumapereka pa mwana pachaka. Muiphwanye pawiri: K600 mlonda, K400 mayeso. Yatha. Anthu aone ndi maso kuti m'mbalemo simunatsale kanthu. Mbale yachiwiri ndi ya boma. K1,600,000 kwa ana 800 ndi K2,000 pa mwana, ndiye muikemo K2,000 imodzi. Muiphwanye panayi: K750 madesiki, K500 choko ndi mapepala, K450 chimbudzi, K300 maulendo ndi misonkhano. Musasunthe ndalama kuchoka mbale ina kupita ina ngakhale pofuna chenje, chifukwa maso a anthu amasunga zimene manja achita kuposa zimene pakamwa panena.

Madamu a Masamu: Ndavomera bambo, ndinaona masamu okha osaona kumene ndalama zikuchokera. Koma zikatero K1,000 ya pa teremu ija isatchulidwenso, ingasokoneze ndi K1,000 ya makolo.

Aphunzitsi Opuma: Inde, ndinaitchula ine koma isiyeni. Zonse zikhale za pachaka.

Bambo a Yamikani (Ndirande): Chabwino, zanga za matumba mwazikonza. Koma ndili ndi ina yothandiza kuti anthu asonkhe. Auzeni kuti K1,000 pachaka sikwana ngakhale K3 patsiku. K3 mungagule chiyani lero? Ngakhale chitumbuwa simungagule. Ena amamwera K1,000 pa ola limodzi. Mukawauza choncho achita manyazi, apereka.

Make Tadala: Ayi bambo, apa ndiye ndikukanirani poyera. Ine ndili ndi ana asanu pasukulu, atatu anga, awiri a malemu mchemwali wanga. Palibe amene amabwera pakhomo kudzatenga K3 m'mawa uliwonse. Amafuna K5,000 nthawi imodzi, sukulu ikamatsegulira mu Seputembala, mwezi womwewo ndikufuna makope a ana asanu, yunifolomu ya amene yawathina, komanso ndikusunga ya feteleza. Kwa ine K5,000 ndi masiku a ganyu m'munda mwa munthu, munda wanga uli chigonere. Tsiku lina pamsonkhano bambo wina wa komiti anatiuza kuti ndalama yake ndi ya botolo limodzi la zakumwa basi. Ndinakhala chete koma mumtima ndinalira, chifukwa botolo limenelo ine ndimaligula pa Khirisimasi pokha. Azimayi ambiri tsiku limenelo anachoka msonkhano usanathe. A Nachisale, chonde musayerekeze ndalama ya kholo ndi mowa, fodya kapena mayunitsi. Amene amamwawo sabwera n'komwe kumsonkhano. Amene adzakhale pamphasa kutsogolo kwanu ndi ife.

Nachisale: Make Tadala, mwandikhudza. Ndinali nditalemba kale pa pepala langa kuti "mtengo wa sopo mmodzi". Ndafufuta.

Bambo a Yamikani (Ndirande): Pepani mayi, sindimafuna kunyoza. Koma funso langa likadalipo. Anthu akapanda kupereka, mlonda adya chiyani? Penapake pamafunika mawu owagwedeza.

Aphunzitsi Opuma: Funso lanu ndi loona. A Nachisale, chaka chatha anapereka angati?

Nachisale: Ana 500 okha, ndiye tinapeza K500,000. Mayeso sitikanawasiya, anatenga K320,000. Inatsala K180,000. Mlonda timamupatsa K40,000 pamwezi, ndiye tili naye ngongole ya K300,000. Bamboyo sanasiye ntchito, amabwerabe usiku uliwonse ndi tochi yake.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye mawu ogwedeza muli nawo kale, ndipo sanyoza munthu. Musanene kuti "tinaperewera K300,000". Nenani miyezi. K180,000 pa K40,000 ndi miyezi inayi ndi theka. Bambo ameneyu walondera miyezi 12, walipidwa inayi ndi theka, miyezi isanu ndi iwiri ndi theka wagwira ulele. Aliyense amene anagwirapo ganyu osalipidwa adzamva m'mimba. Apa chimanga sichikufunika, chifukwa muyeso wa malipiro ndi mwezi. Chinthu chilichonse chili ndi muyeso wake. Madesiki ayezeni ndi ana okhalapo. Maulendo ayezeni ndi mtengo wa minibasi.

Koma mupemphe kaye chilolezo kwa mlondayo musanatchule nkhani yake pagulu. Ndi bambo wa banja, mwina safuna mudzi wonse udziwe kuti amagwira osalandira. Ndinenenso kuti K40,000 yomweyo ndi yochepa, siyikufika pa malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa. Wina akadzafunsa zimenezo musadzazembe.

Mlimi wa ku Chikwawa: Ine ndikuwerenga mwakachetechete koma nkhani ya chimanga ikundivuta. Kuno tikayeza chuma timanena mbuzi. Koma mbuzi ya mu Febuluwale, anthu akugulitsa chifukwa cha njala, si mbuzi ya mu Disembala. Chimanganso chimodzimodzi. Kwanuko nthawi yokolola chinali pa zingati?

Nachisale: Mu Meyi mavenda ankagula K30,000 thumba.

Mlimi wa ku Chikwawa: Mwaona. Pa K30,000 ndalama yomweyo ndi matumba 80. Pa K50,000 ndi matumba 48. Mukanena 48 lero, kenako chaka chamawa msonkhano n'kuchitika nthawi yokolola inu n'kunena 80, anthu adzati ndalama zachuluka pamene sizinasinthe. Zikatembenuka, adzati matumba 32 apita kuti. Ndipo mlimi amene anagulitsa pa K30,000 akamva inu mukuwerengera pa K50,000 adzati mukumunamiza, chifukwa iye mtengo umene akuukumbukira ndi umene anagulitsira. Kwathu tinakangana zimenezi pa ndalama za mjigo mpaka kwa amfumu.

Madamu a Masamu: Ndiye mwina chimanga chingosiyidwa?

Mlimi wa ku Chikwawa: Ine ndikuti chisiyidwe.

Aphunzitsi Opuma: Ine sindikuti chisiyidwe, chifukwa wina adzafunsa ndithu, ndipo mukadzakhala opanda yankho zidzaoneka ngati mukubisa. Koma chikatchulidwa, mtengo unenedwe ndi makolo eni ake. Funsani kuti, "Chimanga chili pa zingati pamsika lero?" Akayankha, lembani pabolodi mtengowo ndi tsiku lake, muwerengere pomwepo onse akuona. Akatero mtengowo ndi wawo, sangautsutse. M'buku la maminitsi mulembe makwacha, chimanga chikhale chothandizira pakamwa basi.

Kusinthasintha kumene a ku Chikwawa akunenaku kuli ndi ntchito yakenso. Ngati ndalama ya boma ikubwera yofanana chaka ndi chaka, makolo amadabwa kuti bwanji kale munkagula zambiri. Mukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 pelesenti mu Novembala 2023, itagwanso kale mu Meyi 2022. Musawauze mapelesentiwo. Tsegulani mabuku akale a sukulu, muone kuti desiki kapena thumba la simenti munagula pa zingati zaka zitatu zapitazo, muike malisiti awiriwo pambalipambali. Akaona kuti ndalama imene inkagula madesiki ambiri lero ikugula ochepa, adzakumbukira okha mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira.

Nachisale: Nanga funso la mayi uja loti ana akukhalabe pansi? Ndi limene ndikuliopa kwambiri.

Madamu a Masamu: Ili ndiyankhe ine. Desiki imodzi K60,000, ndipo pamakhala ana atatu. Madesiki 10 ndi ana 30. Kalasi imene mukufuna kuikamo ili ndi ana angati?

Nachisale: Sitandade 4, ana 120, onse ali pansi.

Madamu a Masamu: Ndiye ikufunika madesiki 40. Pa K60,000 ndi K2,400,000. Taonani, ndi ndalama yonse ya sukulu ya chaka chino ndendende. Muwauze choncho: titati tisagule choko, tisalembetse mayeso, mlonda asalandire, chimbudzi chikhale chogumuka, ndalama yonseyi ingakhazike kalasi imodzi yokha pamadesiki. Pa madesiki 10 pachaka, kalasi imeneyi idzakwanira pakatha zaka zinayi, mitengo ikapanda kukwera. Ndikanakhala ine ndikanaitana ana 12 a Sitandade 4, atatu n'kuwakhazika padesiki, asanu ndi anayi n'kukhala pansi. Mwana mmodzi pa anayi alionse ndiye apeze pokhala chaka chino.

Make Tadala: Ana asaitanidwe madamu. Amene adzakhale pansi anzawo adzawaseka sabata yonse, ndipo makolo awo adzafunsa kuti mwasankha bwanji. Aitaneni makolo omwewo, akuluakulu 12, adzaseka okha koma adzamva.

Mkulu wa Mpingo: Ndakhala ndikudikira kuti wina anene koma palibe akunena. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Nzeru zonse mukupatsanazi, mbale ziwiri, miyezi ya mlonda, mapeto ake ndi kukometsa msonkho umene suyenera kukhalapo. Mawa mwana wa mayi wosauka adzabwezedwa pageti chifukwa cha K1,000, ndipo mudzati makolo anagwirizana. Ine ndinaziona kumene ndimakhala, ana akukanizidwa kulemba mayeso a teremu.

Aphunzitsi Opuma: Abambo, pa kubweza ana ndili nanu limodzi. Mwana sayenera kubwezedwa kapena kumanidwa mayeso chifukwa kholo silinasonkhe, ndipo a Nachisale anene mawu amenewa mokweza asanatulutse mbale ya makolo. Koma kufotokoza bwino si kukakamiza. Makolo akamvetsa kuti K600 pa K1,000 yawo ikupita kwa mlonda, ali ndi mphamvu yonena kuti sitikufuna mlonda, tizilondera tokha mosinthana midzi. Angathenso kunena kuti mayeso azilembedwa pabolodi. Pamene sakumva manambala, sangakane kanthu, amangong'ung'udza.

Mkulu wa Mpingo: Ndamva, koma sindinakhutire. Boma likanamalipira mlonda. Tikamazolowera kusonkha, iwo amazolowera kusapereka.

Nachisale: Nkhani imeneyo ndi yaikulu kuposa ine abambo, koma mawu oti mwana sabwezedwa ndikayamba nawo. Kwatsala chimodzi: K240,000 ya maulendo. Apa ndi pamene anthu amatiloza chala ife a komiti.

Aphunzitsi Opuma: Apa musayerekeze ndi chilichonse, muphwanye basi. Mukati "pafupifupi matumba asanu a chimanga apita ku maulendo" mwadziwotcha nokha. Nenani maulendo angati, anthu angati, mtengo wanji.

Nachisale: Kubanki kuboma timapita kasanu ndi kamodzi pachaka, anthu atatu osayinira, K8,000 aliyense kupita ndi kubwera. Ndi K144,000. Yotsala K96,000 ndi ya misonkhano ya ku zoni ndi zimene banki imadula.

Aphunzitsi Opuma: Mwatha. Aliyense pamsonkhanopo amadziwa mtengo wa kabaza kukafika pamsewu ndi wa minibasi kukafika kuboma. Adzawerengera okha mumtima ndipo adzapeza K8,000. Muyeso wabwino ndi umene kholo lingautsimikize lokha popanda kukhulupirira inu. K96,000 ija muiphwanyenso chimodzimodzi musanapite, ndipo pepala la kubanki losonyeza zimene anadula mulitenge m'manja. Dongosolo lake likhale ili: ana angati, mbale ya makolo, mbale ya boma, kenako mafunso. Nambala yonse ya K2,400,000 muinene ndithu ndi kuilemba pabolodi, musaibise, koma ibwere anthu ataona kale mbale ziwirizo. Pepala lonse mulimate pakhoma la ofesi kuti odziwa kuwerenga akaone okha.

Achimwene a ku Joni: Tsopano ndamvetsa nkhani yake. Mudzatiuze mmene zidzayendere. Za mlondayo zandikhudza, ine ndimagwiranso ya ulonda kuno.

Nachisale: Ndabwerako akuluakulu, dzulo ndinatopa sindinathe kulemba. Kunabwera anthu ambiri, tinakhala pansi pa mtengo wa mango chifukwa m'kalasi sitikanakwana, bolodi tinachita kunyamula.

Nditafunsa kuti pasukulu pano pali ana angati, wina anati 300, wina 500. Ahedi atanena kuti 800 ndi kuonetsa marejisitala, anthu anayang'anana. Mbale ziwiri zinayenda bwino kwambiri. Nditaphwanya K1,000 ya makolo n'kutembenuza mbale kuti aone kuti mulibe kanthu, agogo ena kutsogolo anati, "Basi yatha?" Ndinati yatha agogo.

Mlonda ndinamupempha Lachinayi ndipo anavomera, anangoti iye asakhalepo. Ndinatenga zitsononkho 12 n'kuziyala patebulo, chilichonse mwezi umodzi. Ndinasuntha zinayi, chachisanu ndinachithyola pakati. Zotsalazo ndinazisiya pomwepo osanena kanthu. Panakhala zii. Kenako mayi uja wa chaka chatha ndi amene anayamba kulankhula, anati, "Bambo amene uja ali ndi ana kusukulu konkuno."

Koma chimanga chinandivuta. Amfumu anafunsa kuti ndalama yonseyi ndi matumba angati. Ndinachita monga munandiuzira, anthu anatchula K50,000, tinawerengera pabolodi n'kupeza 48, ndipo ndinatulutsa jumbo ya makilogalamu atatu imene ndinayezeratu kuti aone gawo la mwana mmodzi. Apo bambo wina anaimirira n'kunena kuti ngati ndalamayi ikukwana matumba 48, bwanji osangogula chimangacho ana azimwa phala, popeza njala ikubwera. Anthu anaombera m'manja. Tinatha nthawi yaitali ahedi akufotokoza kuti ndalama ya boma ili ndi pulani yake imene inavomerezedwa kale, sitingaisinthe pansi pa mtengo. Ena anapita kwawo akuganizabe kuti sukulu yakana kugula chimanga.

Aphunzitsi Opuma: Limenelo sindinaliganizire, ndipo ndikanayenera kuliganizira. Mwezi uno munthu ukamutchulira chimanga samva muyeso, amamva chakudya.

Mlimi wa ku Chikwawa: N'chifukwa chake ndinati chisiyidwe. Amfumu mukanawayankha ndi madesiki: ndalama yonse ndi madesiki 40, kalasi imodzi. Desiki munthu sangaiphike.

Aphunzitsi Opuma: Mwina. Koma amfumu anafunsa za matumba, ndipo kuwayankha za madesiki pamaso pa anthu awo kukanaoneka ngati kuwazemba. Ndikanayankhabe, kungoti ndikanayamba ndanena kuti ndalamayi si yogulira chimanga, tikungoyeza. Ngakhale apo sindikulonjeza kuti bambo ujayo sakanaimirira.

Make Tadala: Bamboyo sanalakwe. Ana akupita kusukulu ndi njala. Nkhani ya phala muitengere ku gulu la amayi, mwina midzi ingasonkhe chimanga pang'onopang'ono nthawi yokolola, osati pano. Nanga za madesiki zinatha bwanji?

Nachisale: Akuluakulu 12 anabwera kutsogolo, atatu padesiki, ena pansi, ndipo amfumu anali mmodzi mwa okhala pansi, anadzipereka okha. Nditatchula K60,000 pa desiki, kalipentala wina wa m'mudzi wapafupi anati iye angapange pa K45,000 ngati matabwa agulidwa konkuno. Madamu, ndinawerengera usiku: pa K600,000 ndi madesiki 13, kutsala K15,000. Ana 39 m'malo mwa 30. Chaka chatha bamboyu analipo koma sananene kanthu, akuti sanadziwe kuti desiki imodzi timagula pa zingati.

Madamu a Masamu: Masamu ali bwino. Koma apange imodzi kaye muione. Madesiki ena otchipa miyendo imagwedera teremu isanathe, makamaka matabwa akakhala osauma.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo alembe mtengo wake papepala asayinire, muuike pamodzi ndi mitengo ya ena awiri monga mwa masiku onse, kuti a PEA akadzabwera asadzapeze chokufunsani.

Bambo a Yamikani (Ndirande): Nanga ndalama anapereka?

Nachisale: Pomwepo anapereka makolo a ana 64. Ena alonjeza akagulitsa mbewu za kudimba. Za ngongole ya K300,000 sitinamalize. Ena akuti isonkhedwe padera, ena akuti midzi isanu izilondera mosinthana mpaka ngongole ithe, ndipo abambo ena anena zomwe ananena a Mkulu wa Mpingo, kuti tilembe kalata kuboma. Amfumu aitanitsa msonkhano wina pakatha masabata awiri. K64,000 imene yapezekayo komiti yagwirizana kuti K40,000 ipite kwa mlonda Lolemba, ndikamupatsa ndekha asayinire m'buku.